Mmene mungayesetsere apu yanu kwa anthu ochepa isanatuluke pa Play Store

Ambiri amene amapanga apu ya Android koyamba amakakamira pamalo amodzi. Apu yatha, pafoni yawo ikuyenda bwino, koma akalowa mu Play Console amapeza kuti batani loitulutsira kwa anthu onse silikudinika. Chifukwa chake ndi lamulo la Google lokhudza akaunti za munthu payekha zimene zinatsegulidwa pambuyo pa 13 Novembala 2023: apu iyambe yayesedwa ndi anthu osachepera 12 amene akhala mu Closed testing, mayeso a anthu okhawo amene mwawasankha, kwa masiku 14 otsatizana. Poyamba ankafuna anthu 20, kenako kumapeto kwa 2024 anatsitsa kufika pa 12. Akaunti za kampani lamuloli silizikhudza.

Ine ndinadutsa njirayi ndi kaapu kolembera ngongole za makasitomala m'maokala ndi m'magolosale, ndipo oyesa anga anali a ku Ndirande, ku Bangwe ndi mumsika wa Limbe. Kupeza mayina 12 sikunandivute. Chimene chinandivuta ndi kuonetsetsa kuti anthuwo alowadi, atsitsadi apuyo kuchokera pa Play Store, ndipo akuigwiritsa ntchito pa malonda awo enieni. Malangizowa akutsata zimenezo.

Zofunika kukhala nazo musanayambe

Akaunti ya Play Console yotsimikiziridwa kale. Imalipiridwa kamodzi, madola 25, ndipo amafuna chiphaso chanu.

Fayilo ya apu ya mtundu wa .aab yosainidwa. Kuyambira Ogasiti 2021, apu zatsopano sizilandiridwa ngati .apk.

Tsamba la pa intaneti lofotokoza zimene apu yanu imachita ndi zinsinsi za anthu, poti Privacy policy imafuna linki.

Chida chokuuzani apu ikadzitsekera pafoni ya munthu. Ine ndimagwiritsa ntchito Firebase Crashlytics, ndipo salipiritsa.

Anthu 20 amene avomera pakamwa, gulu la WhatsApp, ndi kabuku kapena tebulo lolembamo dzina, imelo, mtundu wa foni ndi tsiku limene aliyense analowa.

Ndalama pang'ono zogulira oyesa bandulo ya intaneti, komanso masabata anayi a nthawi yanu.

1. Sankhani oyesa 20, osati 12

Mukayamba ndi anthu 12 ndendende, foni ya mmodzi ikabedwa ku Wenela kapena wina akatopa n'kutuluka, mwatsala ndi 11 ndipo mudzadikira kuti munthu watsopano akwanitse masiku ake 14 kuyambira pachiyambi. Mwa anthu 20 amene anandivomera ine, amene anafika kumapeto anali 15. Ena asanuwo sanachite chipongwe, moyo unangowatanganitsa.

Tsono nkhani yaikulu ndi yoti anthuwo ndi ndani. Chinthu chosavuta ndi kutenga anzanu amene munaphunzira nawo ku MUBAS, ndipo iwo adzalowa tsiku lomwelo. Koma iwo ali ndi mafoni abwino, amadziwa kumene batani liyenera kukhala, ndipo akakumana ndi vuto amalizemba osazindikira n'komwe kuti linali vuto. Ngati apu yanu ndi ya eni maokala, theka la oyesa akhale eni maokala. Anzanu odziwa za makompyuta akhalepo anayi kapena asanu, chifukwa ndi amene angakutumizireni lipoti lomveka.

Yang'ananinso mafoni awo. Funani itel kapena Tecno ya RAM ya 2 GB yodzaza ndi zithunzi, Samsung yakale, foni imodzi ya Android Go, ndi ina yatsopano ya Android 13 kapena kuposa pamenepo. Pa Android 13 apu imayenera kupempha chilolezo isanayambe kutumiza mauthenga okumbutsa, pamene pa mafoni akale sipafunika, choncho mbali ziwirizi ziyesedwe zonse. Pakhale a Airtel ndi a TNM omwe.

Chenjezo: amene ali ndi iPhone sawerengedwa pano. Ya Apple ndi njira ina, ya TestFlight.

2. Tengani imelo imene ili pa Play Store ya foniyo

Pano ndi pamene ntchito imafera kwa anthu ambiri kuno. Munthu mukamufunsa imelo yake amakupatsani imene amaikumbukira, kapena ya kuntchito. Koma foni yake anamukonzera ndi mnyamata wa pa benchi yokonzera mafoni ku Limbe, amene anamutsegulira Gmail ina imene mwini wakeyo sanaionepo. Play Store imazindikira akaunti imene ili pafoniyo basi.

Musafunse pakamwa. Muuzeni atsegule Play Store, adine kachithunzi kozungulira kumtunda kudzanja lamanja, ajambule sikirini n'kukutumizirani. Imelo imene ikuoneka pamenepo ndi imene mulembe. Zikaoneka ziwiri kapena zitatu, gwirizanani imodzi ndipo mulembe m'kabuku kanu kuti ndi imeneyo.

3. Konzani fayilo ndipo muyambe mwaiyesa nokha

Pangani fayilo yotulutsa, osati imene mumayesera pakompyuta. Ngati mukugwiritsa ntchito Gradle:

```
./gradlew bundleRelease
```

Ngati ndi Flutter:

```
flutter build appbundle
```

Musanaipereke kwa anthu 20, ikwezeni kaye ku Internal testing. Kumeneko mumaloledwa anthu mpaka 100, ndipo kawirikawiri fayilo imapezeka m'mphindi zochepa. Ikani imelo yanu ndi ya mnzanu mmodzi, mutsitse apuyo kuchokera pa Play Store ngati munthu wamba, muyende nayo kuyambira polembetsa mpaka kumapeto.

Sitepe iyi musailumphe, chifukwa pali mavuto awiri amene saoneka pakompyuta panu. Loyamba ndi la kiyi wosainira. Google imasainanso apu yanu ndi kiyi wake kudzera mu Play App Signing, ndiye nambala ya SHA-1 ya apu imene anthu amatsitsa imasiyana ndi ya pakompyuta panu. Ngati apu yanu imalowetsa anthu ndi akaunti ya Google kapena imaonetsa Google Maps, zimenezi zidzakana pa foni ya woyesa aliyense mpaka mutakopera SHA-1 ya patsamba la App signing n'kuiwonjezera ku Firebase kapena ku Google Cloud. Lachiwiri ndi R8, chida chimene chimachepetsa kodi pa fayilo yotulutsa. Chimasintha mayina a zinthu mu kodi, ndipo ngati mumawerenga JSON modalira mayinawo, monga amachitira Gson, mudzaona sikirini yopanda kanthu kapena apu ikudzitsekera.

Chenjezo: masiku a Internal testing sawerengedwa pa 14 aja. Komanso munthu amene walowa mu Internal testing salandira apu ya Closed testing mpaka atatuluka kaye koyambako. Choncho oyesa anu 20 musawaike konse ku Internal testing.

4. Tsegulani Closed testing

Closed testing imadutsa kwa ounika a Google, ndiye imafuna kuti zonse za pa Dashboard ya Play Console zikhale zodzazidwa: mawu ofotokoza apu, zithunzi, Content rating, Target audience, Data safety ndi Privacy policy. Ngati apu yanu imafuna kulowa ndi pasiwedi, pa App access perekani akaunti yoyesera imene ikugwira ntchito. Ngati imatumiza nambala yachinsinsi pa SMS ku nambala ya ku Malawi, wounikayo sangailandire, choncho mukonzereni njira yolowera yosadalira SMS.

Kenako lowani ku Closed testing, pangani release yatsopano, kwezani fayilo ya .aab. Pa Countries/regions sankhani Malawi. Ngati mchemwali wanu wa ku Joni ali m'gulu la oyesa, onjezaninso South Africa. Pa Testers pangani mndandanda wa maimelo, muuchonge, ndipo pa malo a feedback ikani imelo yanu. Mukatha, pitani ku Publishing overview mukatumize zonse kuti ziunikidwe. Ambiri amasunga zosinthazo n'kuiwala kutumiza, ndiye amadikira sabata yathunthu chinthu chimene sichinachoke n'komwe.

Kuunika koyamba kumatha kutenga masiku angapo, nthawi zina sabata. Musauze oyesa tsiku loyambira musanaone kuti apu yavomerezedwa.

Chenjezo: mukakweza fayilo ya CSV ya maimelo, imafufuta amene analipo kale pa mndandandawo. Wina akabwera mochedwa, mulembeni pamanja.

5. Alowetseni mmodzimmodzi, inu mukuona

Kulemba imelo ya munthu pa mndandanda sikumulowetsa. Kumangomutsegulira khomo. Iye ayenera kutsegula linki, imene imaoneka chonchi:

```
https://play.google.com/apps/testing/mw.chitsanzo.ngongole
```

kenako adine Become a tester, ndiyeno atsitse apuyo pa Play Store. Masiku ake 14 amayamba atadina batani limenelo.

Ine ndinaponya linki pagulu la WhatsApp Lachisanu madzulo, anthu n'kuyankha kuti zikomo achimwene, tiona. Lolemba m'mawa Dashboard inkaonetsa anthu 4. Ena onse anali ndi zifukwa zomveka. Ambiri ali ndi bandulo ya WhatsApp yokha, ndiye linki imafika koma Play Store siitseguka. Ena linki inatsegukira mu Chrome mmene muli akaunti ina ya Google, n'kuwauza kuti saloledwa. Ena anaona mawu a Chingerezi, n'kuopa kuti mwina awadula ndalama.

Chimene chinagwira ntchito ndi kuyenda. Ndinatenga masiku awiri, ndi foni yanga yogawira intaneti, kuima pa okala iliyonse mpaka apu italowa ndipo mwini wake atalemba ngongole yoyamba ine ndili pomwepo. Kwa amene simungawafikire, aimbireni foni muziyenda nawo sitepe ndi sitepe, mutawatumizira kale bandulo. Mphindi zisanu zoyambazo muzingoyang'ana, osamuthandiza msanga. Pamene chala chake chaima n'kumafufuza, pamenepo pali vuto la apu yanu, ndipo lembani.

Play Store ikanena kuti apu sikupezeka, fufuzani motsatana zinthu izi: kodi imelo ya pa Play Store ndi imene ili pa mndandanda, kodi anadinadi Become a tester, kodi Malawi munamusankha, ndipo kodi Android ya foniyo si yakale kuposa minSdk yanu. Zonse zikakhala bwino, dikirani maola angapo, poti apu yongovomerezedwa kumene imachedwa kuonekera.

Chenjezo: auzeni mosapita m'mbali kuti asagawane apuyi pa Xender kapena pa Bluetooth. Wolandira choncho sawerengedwa, ndipo nthawi zambiri fayilo yochokera ku .aab ikagawidwa motero imakana kulowa, poti inadulidwa mogwirizana ndi foni yoyambayo.

6. Apatseni ntchito, osati pempho loti ayese

Mukanena kuti tayesani mundiuze, yankho lake limakhala lakuti ili bwino kwambiri. Anthu athu ndi aulemu, ndipo mayi amene amakudziwani kuyambira muli mwana sadzakuuzani kuti chinthu chimene mwachivutikira n'chosokoneza. Muwapatse ntchito imodzi yooneka, masiku awiri kapena atatu alionse, ndipo funso likhale lofuna zimene zinachitika. Uthenga wanga wa tsiku lachitatu unali wotere:

Mwadzuka bwanji amayi ndi abambo. Lero ndikupempha kuti kasitomala woyamba amene atenge katundu pa ngongole mumulembe mu apu, osati m'kope mokha. Madzulo mundiuze kuti zinakutengerani nthawi yaitali bwanji, ndipo ndi pati pamene munaima n'kumadabwa. Mukandiuza cholakwika mwandithandiza kuposa kundiyamikira.

Masiku otsatira ndinawapempha kulandira malipiro a theka, kulemba ngongole atazimitsa intaneti, kufufuza dzina la kasitomala, ndi kuzimitsa foni n'kuyatsanso kuti tione ngati chikumbutso chibwerabe. Lolani mauthenga a mawu, poti munthu amene akugulitsa sangalembe ndime. Pa vuto lililonse funsani zinthu zitatu zokha: munkachita chiyani, munadina pati, chinachitika n'chiyani. Mtundu wa foni muli nawo kale m'kabuku.

7. Tsatirani vuto mpaka pa muzu wake

Tsiku lachisanu mayi wina wa golosale ku Bangwe ananditumizira mawu: "Achimwene, apu yanuyi ikuwonjezera ngongole. Munthu watenga shuga ndi mafuta za K8,500, iyo ikuti K17,000. Ndikanakangana ndi kasitomala." Crashlytics inalibe chilichonse, chifukwa apu sinadzitsekere. Pafoni panga, pa Wi-Fi, ndinayesa kakhumi osaona kanthu.

Nditayang'ana pa seva ndinapeza mizere iwiri yofanana ndendende, dzina limodzi, K8,500 uliwonse, yosiyana ndi masekondi 6. Ndinawaimbira n'kufunsa kuti atadina batani losunga chinachitika n'chiyani. Anati palibe chinachitika, ndiye anadinanso. M'golosale mwawo netiweki ndi yofooka. Pempho loyamba linali lidakali m'njira, sikirini sinasonyeze kanthu, ndipo iwo anachita zimene munthu aliyense wanzeru akanachita.

Kuti ndilione ndekha vutoli ndinaika foni yanga pa 2G, ndipo linabwera ulendo woyamba womwewo. Ndinakonza m'malo atatu. Batani limazima likangodinidwa ndipo pamaoneka mawu oti ikusunga. Ngongole imalembedwa kaye pafoni pomwepo, n'kupita ku seva pambuyo netiweki ikapezeka. Ndipo ngongole iliyonse imapatsidwa nambala yakeyake ya UUID fomu ikangotsegulidwa, moti seva ikalandira nambala yomweyo kachiwiri imaikana. Kukonza kwachitatuku ndi kumene kumatseka dzenje, chifukwa nthawi zina apu imatumizanso yokha pempho ngati yankho la seva latayika m'njira.

Vuto limeneli anzanga a ku yunivesite sakanalipeza, ndipo likanafika kwa anthu onse likanapha apuyo, poti wamalonda akangoona kamodzi kuti chiwerengero chanama amabwerera ku kope.

Lina linali laling'ono ndipo Crashlytics inaligwira yokha: bambo wina analemba 12,500 ndi kachizindikiro kapakati, apu n'kugwa ndi NumberFormatException. Ngati foni ya woyesa muli nayo pafupi ndipo USB debugging ndi yoyatsa, lamulo ili limakuonetsani chimene chinaigwetsa:

```
adb logcat -b crash -d
```

Muziyang'ananso Pre-launch report mu Play Console, mmene Google imayendetsa apu yanu pa mafoni ake, koma dziwani kuti mafoni amenewo sadziwa netiweki ya ku Bangwe.

8. Tulutsani zokonza mayeso ali mkati

Ena amaopa kukweza fayilo yatsopano poganiza kuti masiku 14 ayambiranso. Sayambiranso. Chowerengedwa ndi kukhala kwa oyesa mu Closed testing, osati fayilo. Chofunika ndi kukweza versionCode nthawi iliyonse, apo ayi Play Console imakana:

```
versionCode = 4
versionName = "0.4.0"
```

Ine ndinatulutsa katatu m'masabata awiriwo. Musatulutse tsiku lililonse, chifukwa iliyonse imadutsanso kwa ounika ndipo imadya bandulo ya anthu. Mafoni ambiri anaikidwa kuti azitsitsa zatsopano pa Wi-Fi pokha, ndiye kwa oyesa ambiri sizidzabwera zokha. Lengezani pagulu, tumizani linki, ndipo onetsani versionName penapake mu apu kuti muzitha kufunsa kuti pansi pakulembedwa nambala yanji. Mukakonza vuto, muuzeni amene analipeza kuti lakonzedwa chifukwa cha iye. Kuyambira pamenepo mayi a ku Bangwe aja anakhala woyesa wanga wakhama kuposa onse.

Chenjezo: ngati mwasintha kapangidwe ka malo osungira zinthu pafoni, yesani kuika mtundu watsopano pamwamba pa wakale uli ndi ngongole kale. Oyesa anu akusunga ndalama zenizeni mmenemo. Kwa sabata yoyamba apempheni azilembanso m'kope.

9. Pemphani chilolezo chotulutsa

Anthu 12 akakwanitsa masiku 14, pa Dashboard batani la Apply for production limatseguka. Adzakufunsani mmene munapezera oyesa, mmene anagwiritsira ntchito apu, zimene anakuuzani, zimene munasintha, ndi chifukwa chimene mukuonera kuti yakonzeka. Apa kabuku kanu kamakupulumutsani. Lembani zenizeni: kuti eni maokala analemba ngongole tsiku ndi tsiku, kuti ngongole inkalembedwa kawiri pa netiweki yofooka, kuti munakonza mu 0.3.0. Google imati kuunika kumeneku kawirikawiri kumatenga masiku 7 kapena kucheperapo, ndipo ikaona kuti oyesa sankaigwiritsa ntchito mokwanira imatha kukubwezani kuti mupitirize kuyesa.

Musanadine, dzifunseni nokha ngati pali vuto lotsala lokhudza ndalama kapena kutayika kwa zolembedwa. Ngati lilipo, onjezani sabata. Ndipo oyesa asatuluke mpaka yankho litabwera.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kuwerenga masiku kuyambira tsiku limene munatumiza linki. Werengani kuyambira tsiku limene munthu wa nambala 12 anadina Become a tester, ndipo khulupirirani chiwerengero cha pa Dashboard, osati mayankho a pa WhatsApp.

Kulola woyesa kudina Leave the program kenako n'kulowanso. Masikuwo amayenera kukhala otsatizana, ndiye ake amayambiranso. Apu ikamuvuta, akuimbireni kaye asanakhudze chilichonse.

Kulipira anthu a pa intaneti amene amagulitsa oyesa 12, kapena kutsegula nokha maimelo ambiri pafoni imodzi. Chiwerengero chikhoza kukwana, koma mudzasowa cholemba pa mafunso a sitepe 9, ndipo ngongole yowirikiza ija mudzaimva kwa kasitomala wokwiya.

Kuiwala kuti mafoni ena, makamaka otsika mtengo, amatseka apu zimene zili kumbuyo pofuna kusunga batire. Chikumbutso chikapanda kubwera pa foni imodzi yokha, yambani mwayang'ana zoikamo za batire pa foniyo musanang'ambe kodi yanu. Chimodzimodzi foni imene inazima nthawi yaitali magetsi atathima, n'kudzuka ndi deti lolakwika: imakana kulumikizana ndi seva ya https mpaka deti litakonzedwa.

Kupempha oyesa kuti aike nyenyezi zisanu. Pa nthawi ya mayeso zimene amalemba pa Play Store sizioneka kwa anthu, zimabwera kwa inu nokha pa Testing feedback, ndipo tsamba limenelo muzilitsegula tsiku lililonse chifukwa ena amalemba kumeneko zimene amachita manyazi kunena pagulu.

Kutaya kiyi wanu wokwezera mafayilo. Laputopu ikabedwa kapena kuwonongeka muli pakati pa mayeso, mudzafunika kupempha Google kuti ilandire kiyi watsopano, ndipo mpaka zitatheka simungatulutse chokonza chilichonse. Fayilo ya .jks ndi pasiwedi yake zisungeni malo awiri osiyana, ndipo musaziike pa GitHub pamodzi ndi kodi.